Dzanja lili ndi zala 6 koma kasitomala wavomereza kale nkhope: ndikonze bwanji?

*Ndimapanga zithunzi za malonda kuno ku Zomba. Mayi wina wogulitsa juwisi wa malambe anandipatsa ntchito, ndipo ndinapanga chithunzi ndi AI ya Stable Diffusion pa pulogalamu ya AUTOMATIC1111: mtsikana wovala chitenje atanyamula botolo. Mayiwo achikonda, makamaka nkhope. Koma dzanja logwira botolo lili ndi zala 6. Ndikapanganso chithunzi chonse, nkhope imasintha. Ndinayesa `Inpaint`, yojambulanso malo okhawo amene wapaka, koma pena chala chija chimabwerera, pena pamatuluka chigamba chooneka munthu ali patali, ndipo tsiku lina panatuluka kankhope kakang'ono padzanja pomwepo. Chithunzicho ndi cha 2048 x 2560. Ndikulakwitsa pati?*

Achimwene, musanagwire china chilichonse, sungani kope ya chithunzi chimene mayiwo avomereza m'foda yakeyake, ngati PNG, ndipo musalembenso pamwamba pake. Ntchito yonse muzichitira pa kope ina. Kumapeto tidzachifuna choyambacho, chifukwa ndi chokhacho chimene chingatsimikizire kuti nkhope sinagwiridwe.

Mavuto atatu mwatchulawo sachokera pamodzi. Chala chobwerera chimachokera pa zimene zili pansi pa masiki yanu, ndiye kuti malo amene mwapaka kuti makina ajambulenso, chigamba chimachokera m'mphepete mwa masiki ndi kukula kwa malo amene makina akuona, ndipo kankhope kaja kanachokera pa mawu amene munasiya m'bokosi la pulomputi. Kuti izi zimveke, tiyenera kudziwa kaye chimene chimachitika mukadina `Generate`.

Stable Diffusion sijambula pa mapikiselo amene inu mumaona pa sikirini. Imayamba yachepetsa chithunzi ka 8 m'litali ndi m'lifupi, kotero kuti kabwalo kalikonse ka mapikiselo 8 x 8 kamasanduka kachipinda kamodzi. Kenako imamwaza timadontho tachisawawa pa malo amene mwapaka masiki, n'kuyamba kutichotsa pang'onopang'ono kwinaku ikuyang'ana mawu anu ndi zimene zazungulira malowo. Ikamaliza imakulitsanso chithunzi kubwerera ku mapikiselo. Choncho pali zinthu ziwiri zimene zimalamulira zotsatira kuposa zina zonse: dzanjalo lapatsidwa tizipinda tingati tojambuliramo, ndiponso timadontho tafafaniza zochuluka bwanji za chithunzi chakale.

Tiyambe ndi tizipindato, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera osadziwa. Pa chithunzi cha 2048 x 2560 chimene mtsikana akuoneka kuyambira m'chiuno kukwera m'mwamba, tiyerekeze kuti dzanja ndi lalikulu mapikiselo 180 x 220, ndipo chala chimodzi n'chonenepa mapikiselo 24. Mukasiya `Inpaint area` pa `Whole picture`, n'kuika `Width` 1024 ndi `Height` 1280, pulogalamu imachepetsa chithunzi chonse ndi theka isanayambe ntchito. Dzanja limakhala 90 x 110, chala chimakhala mapikiselo 12. Gawani ndi 8: dzanja lonse latsala tizipinda pafupifupi 11 x 14, ndipo chala chimodzi ndi kachipinda kamodzi ndi theka. Palibe modelo, ndiye kuti fayilo ya AI yophunzitsidwa kujambula, imene ingajambule chala chokhala ndi mfundo zake, chikhadabo ndi mthunzi wa pakati pa zala m'kachipinda kamodzi ndi theka. Zala zimaphatikizana, kapena mpata wa pakati pa zala ziwiri umasanduka chala china. N'chifukwa chomwechi dzanjalo linalakwika poyamba pomwe. Komanso chithunzi chimene mungalandire potero ndi cha 1024 x 1280, ndiye kuti mwataya theka la kukula kwake, nkhope ndi zonse.

Sankhani `Only masked`. Apa pulogalamu imadula kachigawo kozungulira masiki yanu, imakakulitsa kufika pa `Width` ndi `Height` amene mwaika, imajambula pamenepo, kenako imakachepetsa n'kukamata pamalo pake pa chithunzi chachikulu. Kukula kwa chithunzi chanu sikusintha. Ngati modelo yanu ndi ya banja la SDXL ikani 1024 x 1024, ngati ndi ya SD 1.5 ikani 512 x 512 kapena 768 x 768, chifukwa ndi pafupi ndi miyezo imene anaphunzitsidwira. Manambala amenewa tsopano sakunena kukula kwa chithunzi chonse, akunena kukula kwa tebulo limene kachigawo kaja kakagwiriridwepo ntchito.

Kukula kwa kachigawoko kumadalira `Only masked padding, pixels`, imene imayambira pa 32. Nambala imeneyi ndi yochepa pa ntchito ya dzanja. Tinene kuti masiki yanu ndi 260 x 300. Ndi 32 mbali zonse, makina akuona malo a 324 x 364 okha, kuwonjezera pang'ono kuti mbali zifanane. M'malo amenewo muli khungu, kachidutswa ka botolo ndi kansalu pang'ono, koma mkono sukuoneka kumene ukuchokera. Makina sangadziwe ngati ili ndi dzanja lamanja kapena lamanzere, ndiye mumalandira chala chachikulu chili mbali yolakwika, kapena dzanja lokongola koma losalumikizana ndi mkono. Kwezani kufika pa 128. Tsopano kachigawo ndi 516 x 556, kamene kamadzazidwa kukhala pafupifupi 556 x 556, ndipo kakakulitsidwa kufika 1024 chilichonse chakula ka 1.84. Dzanja lija lakhala pafupifupi 330 x 405, ndiye kuti tizipinda 41 x 50, ndipo chala chili ndi tizipinda toposa 5 m'lifupi. Kuchoka pa kamodzi ndi theka kufika pa 5, popanda kusintha modelo kapena mawu. Mukakweza kwambiri, mwachitsanzo kufika 256, makina amaona zambiri koma dzanja limayambanso kuchepa. Muyezo umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi wa maso: m'kachigawoko muzioneka mkono mpaka pafupi ndi chigongono, komanso botolo lokwanira kuti munthu azindikire kuti ndi botolo.

Kankhope kaja tsopano n'kosavuta kukafotokoza. Mukatumiza chithunzi ku `Inpaint`, pulomputi yakale imabwera nacho, yokamba za mtsikana womwetulira, maso ake, tsitsi lake, chitenje ndi msika. Koma makina sakuonanso chithunzi chonse. Akuona kachigawo kodulidwa kamene mulibe nkhope, ndipo mawu akuwauza kuti pakhale mtsikana womwetulira. Malo okhawo amene aloledwa kujambula ndi mkati mwa masiki, ndiye amamuika mmenemo. Fufutani pulomputi yonseyo, mulembe zokhazo zimene zili m'kachigawoko, n'kusiya mawu onena za mtundu wa chithunzi ndi kuwala kuti chigamba chifanane ndi zozungulira.

```
close-up photo of a dark-skinned woman's right hand holding a plastic juice bottle, four fingers wrapped around it, thumb in front, soft daylight
```

Musayembekezere zambiri kwa manambala a m'mawuwo. Mamodelo awa sawerenga zala, ndipo kulemba `extra fingers` m'bokosi la `Negative prompt` kumathandiza pang'ono chabe. Chimene chimalamula kuchuluka kwa zala ndi maonekedwe amene makina apeza pansi pa masiki, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

`Masked content` ikakhala pa `original`, makina amayambira pa dzanja lomwe lilipolo. `Denoising strength` ndi imene imanena kuti dzanjalo lifafanizidwe motani lisanajambulidwenso. Pa 0.3 timadontho n'tochepa, mizere yonse ikuluikulu imaonekabe, ndiye makina amangosalaza khungu n'kukubwezerani zala 6 zooneka bwino kuposa kale. Pa 0.5 zala zimasuntha pang'ono koma nthawi zambiri zimakhalabe 6, chifukwa mikwingwirima yowala ndi yakuda imene imasonyeza zala imapulumuka. Pa 0.75, pamene pulogalamu imayambira, maonekedwe akale atsala ochepa, ndipo mwina mungapeze zala 5, koma dzanja likhoza kutembenuka, botolo kupindika m'mphepete, khungu kusintha mtundu. Pofika 1.0 makina ayamba chatsopano. Ndiye mwapanikizika pakati: nambala yotsika imasunga cholakwa, nambala yokwera imataya zabwino pamodzi ndi cholakwacho. Anthu amatha madzulo onse akukweza ndi kutsitsa nambalayi, kudikira mwayi.

Njira yotulukira ndi yakuti cholakwacho muchichotse nokha ndi dzanja lanu, mosasamala za kukongola, kenako makina angomalizitsa. Tsegulani kope ya chithunzi mu GIMP, Krita kapena Photopea, zonsezi n'zaulere. Yang'anani dzanjalo bwino musankhe chala chimene chichoke. Kawirikawiri ndi bwino kuchotsa cha kumapeto, cha mbali ya kachala kakang'ono, chifukwa mukachotsa cha pakati mumasiya mpata waukulu ngati dzino loguluka, ndipo makina amakonda kudzaza mpata wotero ndi chala china. Tengani mtundu wa chimene chikanaoneka kuseri kwa chalacho, apa ndi juwisi wa m'botolo, ndi kachida kotolera mitundu, n'kupaka ndi bulashi pamwamba pa chalacho mpaka chizimiririke. Musapake mtundu umodzi wokha. Botolo limawala mbali ina n'kudera mbali ina, choncho tolani mitundu iwiri kapena itatu, ndipo pansi pa chala chotsala chomaliza ikanipo kamzere kakuda pang'ono ka mthunzi. Mukachotsa chala cha kumapeto, chikhatho chimaoneka chachikulu kuposa zala zotsalazo, ndiye chepetsaninso m'mbali mwake popaka mtundu wa kumbuyo. Chala chimene chatsala kumapeto chifupikitseni pang'ono kuti chikhale kachala kakang'ono. Zimenezi zizioneka ngati zojambula za mwana wa sitandade 3, ndipo palibe vuto. Chofunika n'chakuti mukatsinzina pang'ono n'kuyang'ana, muone mikwingwirima inayi ndi chala chachikulu. AUTOMATIC1111 ili ndi gawo la `Inpaint sketch` lochitira zomwezi, koma bulashi yake ndi yovuta kuilamulira, ndipo ine ndimakonda kupakira kunja n'kubweretsa fayilo.

Masiki ipakeni yotakasuka. Ambiri amatsata m'mphepete mwa chala mosamala ngati akudula chithunzi ndi lezala, poopa kuononga zozungulira, koma masiki yothina ndiyo imabala msoko. Makina amafuna malo oti asakanize chatsopano ndi chakale, komanso oti ajambule mthunzi umene zala zimagwetsa pa botolo. Mukasiya mthunzi wa chala chochotsedwa kunja kwa masiki, mudzakhala ndi zala 5 ndi mithunzi 6, ndipo nthawi zina makina amaona mthunziwo n'kubwezeretsa chala kuti chigwirizane nawo. Phimbani zala zonse zinayi, mithunzi yake, ndi mapikiselo ena 20 mpaka 40 kuzungulira. Ngati chala chachikulu chili bwino, chisiyeni kunja, chimathandiza makina kudziwa mbali ya dzanja. Malire a masiki apite pamene pali posalala, monga pa khungu la kuseri kwa dzanja kapena pa juwisi, asadutse pakati pa maluwa a chitenje. Nsalu ya chitenje ndi mdani wa ntchito imeneyi. Makina sakumbukira duwa lake, amangopeka lofanana nalo, ndipo mayi aliyense wozolowera kusankha zitenje amaona msanga pamene mizere yalephera kukumana.

`Mask blur` imayambira pa 4. Pa chithunzi chachikulu ngati chanu, mapikiselo 4 ndi mzere wakuthwa. Ikani pakati pa 8 ndi 16. Koma dziwani kuti kufewetsa kumeneku kumadya mkati mwa masiki, m'mphepetemo chakale chimaonekera pang'ono. Ngati cholakwa chafika mpaka m'mphepete mwa masiki, mudzaona chithunzithunzi chake chikuonekerabe ngati mzukwa. Mankhwala ake si kutsitsa nambalayi, koma kukulitsa masiki.

Tsopano ikani motere n'kuyesa:

```
Masked content: original
Inpaint area: Only masked
Only masked padding, pixels: 128
Mask blur: 12
Sampling steps: 40
Denoising strength: 0.45
Batch count: 4
Seed: -1
```

`Sampling steps` ndakweza dala. Pulogalamuyi, ngati simunasinthe makonzedwe ake, imachulukitsa masitepe ndi `Denoising strength`, ndiye 40 pa 0.45 ndi masitepe pafupifupi 18 enieni. Mukasiya 20 mumatsala ndi 9, ndipo khungu limatuluka losamalizika.

Zithunzi zinayi zikatuluka, ziwerengeni ngati zizindikiro. Ngati utoto wanu ukuonekabe, wathyathyathya ngati pulasitiki, makina alibe ufulu wokwanira, kwezani kufika 0.5 kapena 0.55. Ngati zala zayamba kuchuluka kapena kupindika mosiyanasiyana pa zithunzi zinayizo, mwapitirira, tsitsani. Ngati zonse zinayi zili ndi cholakwa chofanana pa malo amodzi, vuto si mwayi, lili mu utoto wanu kapena m'chinthu chimene chatsala kunja kwa masiki, ndiye bwererani ku bulashi. Kudina `Generate` kakhumi sikungachotse cholakwa chotero. Mukapeza chimodzi chimene chayandikira, tengani `Seed` yake, nambala imene imalamula timadontho toyambira, muiike m'bokosi m'malo mwa -1, kenako sinthani chinthu chimodzi chokha pa nthawi, mwachitsanzo 0.45 kupita 0.5, kuti mudziwe chimene chabweretsa kusintha.

Nthawi zambiri chotuluka chimakhala ndi zala zitatu zabwino ndi chimodzi chokhota, kapena chikhadabo chimodzi chosungunuka. Musachitaye. Chitumizeninso ku `Inpaint`, mupake kamasiki kakang'ono pa chala chokhacho, mubwereze. Dzanja limakonzedwa chala ndi chala. Chenjezo lake n'lakuti malo amodzimodzi asadutse m'makina kambirimbiri, chifukwa ulendo uliwonse wochepetsa ndi kukulitsa uja umasintha mtundu pang'ono ndi kufewetsa timizere ta khungu. Pakatha maulendo angapo dzanja limayamba kufiira kapena kutuwa poyerekeza ndi mkono.

Za zosankha zina za `Masked content`, zimene ndi `fill`, `latent noise` ndi `latent nothing`, sindikhalitsapo. `fill` imadzaza masiki ndi mitundu yosakanizika ya zozungulira, ndipo imathandiza mukafuna kuchotseratu chinthu, monga kapu yosafunika pa tebulo. Ziwiri zinazo zimatayiratu zimene zinalipo, zimafuna `Denoising strength` yokwera kwambiri, ndipo pa dzanja zimakubwezerani ku maere omwe tikuthawa. Palinso mamodelo ophunzitsidwa dala ntchito yozigamba, monga `sd-v1-5-inpainting` imene Runway inatulutsa mu Okutobala 2022. Iwo amalandira masiki ndi chithunzi chozungulira ngati zolowetsa zapadera, kotero amalumikiza m'mphepete bwino ngakhale pa 1.0. Ndi abwino pochotsa kapena poika chinthu chatsopano. Koma pa ntchito yanu ine ndingakhale pa modelo imene inajambula chithunzicho, chifukwa ndi imene ikudziwa khungu ndi kuwala kwa mtsikanayo, ndipo pa 0.45 vuto la m'mphepete silikhala lalikulu.

Tibwere ku chigamba chooneka patali. Telala wabwino akamazigamba malaya amayang'ana zitatu: mtundu wa nsalu, kukhakhala kwake, ndi msoko. N'chimodzimodzi pano, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Msoko tauthetsa kale ndi masiki yotakasuka. Mtundu ndiwo umavuta pa khungu lakuda. Ndaona kawirikawiri kuti dzanja latsopano limatuluka loyererako kapena lonyezimira ngati lapakidwa mafuta, pamene mkono uli wakuda bwinobwino. Pa sikirini mwina simungaone msanga, koma pa pepala zimaonekeratu. Musalimbane nazo m'makina. Ikani chotulukacho ngati leya pamwamba pa chithunzi choyamba chija mu GIMP kapena Photopea, tolani mtundu wa pa mkono ndi wa pa dzanja latsopano pa malo owala mofanana, muyerekeze manambala a R, G ndi B, kenako kokani `Curves` pa leya ya pamwambayo mpaka ayandikane. Kukhakhala nako kumasiyana pa chifukwa chodziwika: kachigawo kanajambulidwa pa 1024 n'kuchepetsedwa kufika 556, ndiye kamatuluka kakuthwa ndi kosalala kuposa zozungulira zimene zinachita kukulitsidwa. Diso limakokedwa ndi dzanja looneka bwino kuposa nkhope. Lifewetseni pang'ono ndi `Gaussian Blur` ya theka la pikiselo kapena imodzi, n'kuwonjezera timadontho tochepa kwambiri kuti lifanane ndi khungu la mkono.

Mukadali pa maleya pomwepo, chitani chinthu chimene ndimachiona chofunika kuposa makonzedwe onse a pamwambawa. Ikani masiki yakuda pa leya yatsopano kuti ibisike yonse, kenako ndi bulashi yoyera yofewa tsegulani dzanja lokha. Potero chilichonse cha kunja kwa dzanja ndi mapikiselo enieni a chithunzi chimene mayi aja anavomereza. AUTOMATIC1111 imamata yokha chigamba pa chithunzi chakale, koma si zida zonse zimachita choncho. Mu ComfyUI, pulogalamu ina yoyendetsera Stable Diffusion, ngati simunaike nodi yomatira monga `ImageCompositeMasked`, chithunzi chonse chimadutsa m'kuchepetsa ndi kukulitsa kuja, ndipo nkhope imasintha pang'ono ngakhale simunaipake. Zida zimene mumangolemba mawu n'kupaka malo pa foni n'zoopsa kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa zambiri zimajambulanso chithunzi chonse n'kuyesetsa kuti chifanane ndi chakale. Mphuno imasuntha pang'ono, mano amasintha, duwa la chitenje limakhala lina. `Generative Fill` ya Photoshop, imene inabwera mu 2023, imaika chigamba pa leya yakeyake ndipo imakupatsani zitatu zosankhapo, ndiye mbali iyi ilibe vuto, kungoti ilibe nambala yonga `Denoising strength` yoti muilamulire. Chida chilichonse chimene mwagwiritsa ntchito, tengani dzanja lokha, zina zonse zichokere ku chithunzi choyamba.

Kuti mutsimikize, sungani chithunzi chomaliza, muchiike pamwamba pa choyamba, n'kusintha kasakanizidwe ka leya kukhala `Difference`. Pamene zithunzi ziwirizo zikufanana pamada bii. Pazioneka kachilumba kowala pa dzanja pokha. Kusiyana kwakung'ono sikuoneka msanga, choncho phatikizani zimene zikuonekazo pa leya yatsopano n'kukokera `Levels` mwamphamvu. Mukaona mizere ya maso kapena milomo ikutulukira mumdimamo, nkhope yagwiridwa. Mukaona timabokosi tating'ono paliponse, ndiye kuti penapake munasunga ngati JPEG, mwina potumizirana pa WhatsApp, imene imafinya zithunzi mukazitumiza ngati chithunzi wamba. Zotumiza kwa osindikiza zizipita ngati dokyumenti.

Simunafunse za lebulo ya botolo, koma ndikudziwa kuti ikubwera, chifukwa zala zagwira pafupi nayo. Musayese kukonza zilembo ndi `Inpaint`. Mamodelo a SD 1.5 ndi SDXL amapeka zilembo, ndipo dzina la Chichewa la juwisi wa mayiwo adzalilemba molakwika ulendo uliwonse mosiyana. Ngakhale mamodelo atsopano olemba bwinoko sangakupatseni kalembedwe kenikeni, chizindikiro chenicheni ndi manambala a mamililita a pa botolo lawo. Pemphani fayilo ya lebulo imene amasindikiza, kapena jambulani botolo lenileni ndi foni, muiike ngati leya, muipinde kuti itsate kuzungulira kwa botolo, ndipo mbali imene ili pansi pa zala muibise ndi masiki. Pansi pa zalazo pakani kamthunzi kofewa. Izi zichitike kumapeto, dzanja litatha, ndipo lebuloyo isadutsenso m'makina, chifukwa ngakhale pa 0.2 tizilembo tating'ono timasungunuka. Onaninso kuti botolo la pa chithunzi lifanane ndi limene wogula akalipeze pa shelefu. Ngati mayiwo amagulitsa la 300 ml ndipo mtsikanayo wanyamula looneka ngati la lita, odandaula adzapita kwa mayiwo, iwo n'kubwera kwa inu.

Pali manja ena amene utoto wa bulashi sungawapulumutse. Ngati mkono wapindika moti munthu weniweni sangagwire botolo motero, kapena chala chachikulu chili mbali yolakwika ndipo chikhatho chayang'ana kosayenera, ndiye kuti cholakwa si chala chimodzi, ndi kaimidwe konse. Mudzazindikira poyesa nokha: tengani botolo, imani pa galasi, mupinde mkono ngati mtsikanayo. Ngati zikukupwetekani kapena sizikutheka, siyani kupaka. Pemphani mchemwali kapena mnzanu wa khungu loyandikira agwire botolo lenileni la juwisiyo, muime mbali imene kamera ya chithunzicho ikuoneka kuti inaima, kuwala kuchokere mbali yomweyo, mujambule ndi foni. Mbali ya kuwala muidziwa poyang'ana tsaya limene likuwala pa nkhope ya mtsikanayo ndi kumene mthunzi wa chibwano wagwera. Dulani dzanja pamodzi ndi botolo, muziike pa chithunzi, mufananize kunenepa kwa mkono pamene ziwirizo zikumana, mukonze mtundu ndi `Curves`. Kenako pakani masiki pa khungu lokha ndi pa mfundo yolumikizira mkono, lebulo ikhale kunja, mudutsitse pa 0.3 mpaka 0.35 kuti khungu lenileni litenge maonekedwe a chithunzicho. Njira iyi imathetsa dzanja, botolo ndi lebulo nthawi imodzi, ndipo pa zithunzi zimene munthu wagwira katundu wogulitsidwa ndi imene ine ndimayambira.

Musanatumize kwa osindikiza, onani chithunzicho pa miyezo iwiri. Pa 100% mufufuze msoko, zikhadabo ndi mithunzi. Kenako chichepetseni chikhale ngati kachithunzi ka pa foni, chifukwa kusiyana kwa mtundu kumaoneka bwino chithunzi chikachepa kuposa chikakula. Chitembenuzeninso ngati pa galasi, lamanja likhale lamanzere. Diso lanu lazolowera chithunzichi, ndipo kutembenuza kumaonetsa dzanja lalikulu kuposa linzake kapena mkono wofupika. Mapikiselo 2048 pa pepala la A4 loimirira amapereka pafupifupi 248 pa inchi, zimene n'zokwanira, ndipo pa A3 amatsika kufika pafupifupi 175, zimene zimapiririka pa positala yoonera chapatali. Ngati mayiwo akufuna chikwangwani chachikulu ndipo muyenera kukulitsanso chithunzi, kulitsani dzanja litakonzedwa kale koma lebulo musanaiike, kenako muike lebulo kuchokera ku fayilo yake pa kukula komaliza. Pemphani osindikiza akusindikizireni kachigawo ka dzanja ndi mkono kokha pa pepala lomwelo ndi makina omwewo, pa kukula kwenikweni, mukaone panja pa dzuwa musanalipire zonse.